Amayi anakalipira okha ku kolejo

Mpaka lero munthu akandiyankhula ndi ulemu wopitirira muyezo, magazi anga amayamba kuwira asanamalize n'komwe. Adzukulu anga amati ndine wovuta. Mwina ndi zoona, koma khalidwe limeneli ndinalitengera ku sukulu, kwa mzimayi wina amene sananditukwanepo ngakhale kamodzi.

Nthawi imeneyo Lichinga inkatchedwa Vila Cabral, ndipo ine ndinkaphunzira pa kolejo ina yaing'ono, sukulu yolipira ya mzimayi wachipwitikizi amene tinkamutcha sinyora. Inali nyumba wamba ya njerwa, khonde kutsogolo, zipinda zophunziriramo kumbuyo. Kunkaphunzira ana a Apwitikizi amene anali ndi masitolo ang'onoang'ono, ana a Amwenye, ana a makaladi, ndi ife akuda ochepa kwambiri amene makolo athu anali ndi pepala la uasimiladu. Pepala limenelo linkanena kuti munthu wakuda uyu boma lamuyeza n'kumupeza kuti wasiya zakwawo, amayankhula Chipwitikizi, amadyera patebulo ndi foloko. Mwana wa munthu wopanda pepalalo sinyora sankamulandira. Njira yake inali sukulu ya mishoni ya kumudzi, kumene ana ankathera zaka akulima munda ndi kuloweza katekisimu.

Amayi anga analibe pepala lililonse. Anali a ku Meponda, kunyanja, Asilamu, oyanika usipa ndi utaka pa thandala n'kumagulitsa kwa anthu okwera nazo kumtunda. Bambo anamwalira ndili wamng'ono. Amene anali ndi pepala anali amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anabatizidwa ali mnyamata n'kupeza ntchito yomasulira mawu ku ofesi ya boma. Atamwalira bambo, amalume anakandilembetsa ku boma ngati mwana wawo wobereka, n'kunditenga. Kwathu zimenezi sizinadabwitse munthu, popeza mwana wa mlongo wako ndi wako kuposa wa mkazi wako. Koma ku boma linali bodza, ndipo likanaululika, ine ndikanachotsedwa sukulu, amalume ntchito ikanawathera. Choncho pa mapepala a ku kolejo, bambo anga anali amalume, mayi anga anali akazi awo.

Ndalama zokha ndi zimene sizinkanama. Zinkachokera ku Meponda, m'manja mwa amayi, zikununkha utsi ndi nsomba. Amalume ankazilandira kuseri kwa nyumba, n'kukazisinthitsa ku sitolo kuti zikhale za mapepala oyera, kenaka n'kuvala jekete kukapereka kwa sinyora. Pobwerako ankatifotokozera mmene sinyora wawayamikirira kuti ndi bambo wosamala za ana. Ankafotokoza akuseka, osachita manyazi, ine ndikuwapungulira tiyi.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali mu kalasi yachinayi, yomaliza. Ife a sukulu zolipira sitinkalembera mayeso pa sukulu yathu. Mwini sukulu ankatumiza mayina ndi mapepala athu ku boma, ndipo pa tsiku lake tinkapita ku sukulu ya boma kukayesedwa ndi aphunzitsi achilendo. Dzina lako likapanda kutumizidwa, chaka chonse chapita m'madzi. Kwa anzanga achizungu zimenezo zikanangokhala kubwereza kalasi. Ine ndinayamba sukulu mochedwa, ndipo msinkhu wanga unali utafika kale pa malire amene boma linkalola kuti mwana apitirire. Ndikanaphonya chaka chimenecho, kunalibenso china.

Mayeso atayandikira, sinyora anatipatsa aliyense chidziwitso mu envulopu, china anachikhoma pa chitseko cha ofesi yake. Ndinachiwerenga kambirimbiri moti ndimachikumbukabe. M'chinenero chathu chinkati:

“Kwa makolo olemekezeka. Tikuthokoza chifukwa cha chikhulupiriro chimene mwatisonyeza potipatsa ana anu. Tikukumbutsani mwaulemu kuti ndalama za chigawo chomaliza ziyenera kukhala zitaperekedwa ku ofesi pofika Loweruka lomaliza la mwezi uno, masana asanakwane. Zibwere ndi kholo kapena munthu wamkulu wa m'nyumba mwake. Chonde musatumize ana. Ndi chisoni tikudziwitsani kuti mwana amene ndalama zake zidzakhale zisanafike, dzina lake sitidzalitumiza ku mayeso, ndipo pa ichi sitidzatha kupatula aliyense. Tikudalira kumvetsa kwanu.”

Onani mmene analembera. Munalibe liwu limene munthu akanaloza n'kunena kuti apa wandinyoza. Ndipo sindinganene kuti sinyora analibe chifukwa. Analipo makolo ena, makamaka azungu anzake, amene ankalipira akafuna, ndipo mwana wina anatayapo ndalama panjira, nkhani n'kufika ku polisi. Aphunzitsi ake ankafuna malipiro. Zonsezo ndikuzidziwa, ndipo mkwiyo wanga sizinauchepetse ndi pang'ono pomwe.

Chidziwitsocho chinafika amalume kulibe. Anali atapita ndi mkulu wa boma kumidzi yakutali kukalemba anthu a msonkho, ndipo ulendo wotero unkatha mkuluyo akatopa, osati wantchito akafuna. Ponyamuka ankadziwa bwino lomwe kuti mayeso ali pafupi. Sanasiye mawu, sanasiye ndalama, sanapite n'komwe kukamuuza sinyora kuti akuchokapo. Chimene anakumbukira kusiya ndi malangizo a kapukutidwe ka nsapato zawo za ku tchalitchi.

Akazi awo anali ndi pakati potopa. Ndinawawerengera pepalalo, iwo anati ndalama zikabwera adzapita okha, ndisade nkhawa. Ndinathamangira ku msika kukapeza amayi ena a ku Meponda amene ankabwera ndi madengu a usipa, ndipo ndinawapempha kuti akawauze amayi anga tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama. Uthenga unapita. Koma chakudza sichiimba ng'oma: sabata yomaliza ija akazi a amalume anachira, mwana wamwamuna, ndipo analowa m'chikuta. Mzimayi amene ankandidzudzula ndikadya ndi manja, amene ankayankha moni wa anansi m'Chipwitikizi, pa nkhani ya mchombo anabwerera kwawo kwenikweni. Anati sangaponde pakhomo mchombo wa mwana usanagwe, ngakhale nyumba itapsa. Pa ichi sindiwaimba mlandu. Ndimangoseka ndikakumbukira kuti uasimiladu wonse uja unathera pa chitseko cha kuchipinda.

Amayi anafika Lachisanu madzulo, wapansi, atakwera phiri lonse lija pamodzi ndi onyamula nsomba, atagona panjira. Miyendo inali itatupa. Munthu wa kunyanja akafika kuno kumtunda amazizidwa ngati nkhuku yonyowa, ndipo iwo anali atadzikulunga makapulana awiri, zitenje zathu zija, mano akugundana. Analowera khomo la kumbuyo monga mwa masiku onse. Lamulo limenelo anaika ndi amalume, ati anthu a boma nthawi zina amabwera kudzaona mmene asimiladu akukhalira, ndipo sibwino apeze achibale opanda nsapato pabalaza. Mlongo wawo wa bere limodzi, amene ndalama zake zinkawapatsa ulemu kwa sinyora, ankagona kukhitchini pafupi ndi nkhuni.

Atapuma, anakaima pakhomo la chipinda kupereka mafuno kwa mlamu wawo, ndipo anakambirana za mawa kudzera pa chitseko chotseka pang'ono. Panalibe wina woti apite. Kutuma mnansi sikukanatheka, chifukwa pepala linati wa m'nyumba, ndipo sinyora ankawadziwa anthu onse a mapepala m'tauni yaing'ono ija. Ine ndinali mwana, ndipo ana anakanizidwa. Akazi a amalume anayankhula motsitsa mawu, ndipo sindinamve zonse. Ndinangomva amayi akuti, “Ndamva, mlamu. Palibe kanthu.” Nditawafunsa chimene amva, anandiuza kuti ndikagone.

M'mawa mwake kunali nkhungu yoti sungaone nyumba ya tsidya la msewu. Ndinavala yunifolomu ndi nsapato. Amayi anasamba, anavala kapulana yawo yabwino, anamanga mpango kumutu, ndalama anazimanga pa mfundo ya nsalu m'chiuno. Nthawi yokasinthitsa ku sitolo panalibe, ndipo kunena zoona sitinaganizeko. Titafika pa mitengo ya bulugamu pafupi ndi mseu waukulu, anaima n'kundiuza chimene anagwirizana ndi mlamu wawo. Sinyora akafunsa kuti iwo ndani, ndikanene kuti ndi wantchito wa m'nyumba ya amalume, watumidwa ndi adona amene ali m'chikuta.

Ndinakana. Ndinawauza kuti ndikanena kuti ndi azakhali, kapena wachibale wa kumudzi. Iwo anati wachibale amafunsidwa mafunso: wachibale wa mbali iti, amakhala kuti, bwanji nkhope ikufanana chonchi ndi ya mwanayu. Wantchito safunsidwa kanthu chifukwa samuyang'ana n'komwe. Ndinati ndiye bola sukuluyo ithe, ndibwerere nawo ku Meponda ndikayanike usipa. Sanakweze mawu. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu, n'kunena kuti:

“Nsapato zimenezo ndinagula ine. Walira mvula walira matope, mwanangu. Ndinalira ndine, matopewo ndi anga. Iwe ukangotsegula pakamwa.”

Ndinayenda ndikulira ndi ukali. Ndinkawatukwana amalume mumtima ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndimawadziwa.

Pakhonde la kolejo panali makolo angapo amene anadikira tsiku lomaliza ngati ife. Mwenye wina wa sitolo ya nsalu, mzungu wina woyendetsa lole, ndi mayi wa mnzanga wa m'kalasi. Iwo anakhala pa benchi. Amayi anaona mmene zinthu zilili, anakakhala pansi pa masitepe, miyendo atatambasula, ngati mmene ankakhalira antchito odikira ana. Palibe anawauza kuti atero. Mnzanga uja anandikodola kuti ndikhale naye pa benchi, ndipo ndinakhala, chifukwa amayi anandiyang'ana ndi diso londilamula. Onse amene anabwera pambuyo pathu analowa ife tisanalowe, ndipo dzuwa linkakwera.

Pomaliza sinyora anatuluka yekha. Anali mzimayi wowonda, wa imvi, wovala juzi yotuwa, ndipo ankanunkhira sopo. Anandimwetulira n'kundifunsa za bambo anga. Ndinati ali pa ulendo wa boma. Anafunsa za mayi anga, ndipo ndinati achira, mwana wamwamuna. Anaomba m'manja pang'ono, anati ndi nkhani yosangalatsa, ndikawapatse mafuno ake onse. Amayi anali ataimirira kumbuyo kwanga, akumva mzungu akufunira mafuno mayi anga ena. Chipwitikizi sankachidziwa, koma liwu lakuti mayi ankalidziwa.

Tinalowa mu ofesi. Sinyora anakhala pa desiki yake, ine anandilozera mpando, amayi anaima pafupi ndi chitseko. Kenaka anandikumbutsa mokoma mtima kuti, monga ndinawerengera, sangalandire ndalama kwa mwana kapena kwa munthu wongodutsa, choncho ayenera kudziwa kuti mzimayiyu ndani.

Ndinakhala chete. Sikuti ndinaiwala chonena. Ndinkayang'ana inki ya pa desiki n'kumaganiza zoinyamula kuithira pa juzi ija, pa mapepala onse, pa chidziwitso chake cha ulemu chija. Sinyora anadikira, kenaka anayang'ana wotchi ya pakhoma, anandiuza kuti sakufuna kundifulumizitsa, koma masana akakwana atseka ofesi, ndipo mayina apita Lolemba m'mawa. Anafunsanso. Amayi anandiyankhula m'chinenero chathu, motsitsa, ngati akundifunsa za nyengo:

“Nena, iwe. Ndakwera phiri lonse lija kuti udzandichititse manyazi pano?”

Pakamwa panga sipanatseguke. Pamenepo amayi anasuntha pang'ono, anapinda mawondo monga amachitira munthu kwa akulu, anadziloza pachifuwa, n'kutchula okha liwu limene anaphunzitsidwa pa chitseko cha chikuta dzulo lake.

“Kiriyada,” anatero. Ndiko kuti wantchito wa m'nyumba.

Sinyora anagwedeza mutu, nkhope yake inamasuka. Amayi ananena zoona: sinyora sanawayang'anenso kachiwiri. Akanayang'ana akanaona mphumi yanga, mpata wa mano anga, zonse zili pa nkhope ya munthu amene waima pa chitseko chake. Anangotambasula dzanja. Amayi anamasula mfundo n'kukhuthulira ndalama pa desiki, makobiri ambiri ndi timapepala topindikapindika, ndipo fungo la usipa linadzaza ofesi yonse. Sinyora anatsegula zenera mwakachetechete. Anawerenga ndi nsonga za zala, anapeza zakwana, analemba risiti m'dzina la amalume n'kupatsa ine. Kenaka anatenga ndandanda ya mayeso n'kulemba dzina langa ine ndikuona, ndi zilembo zake zokongola zopendekera.

Atamaliza anandiuza zinthu ziwiri, zonse mwaulemu. Choyamba, ndikawauze bambo anga kuti iye akumvetsa kuti pakhomo pali chisangalalo ndi chipwirikiti, koma ulendo wina ndalama zidzabwere mu envulopu monga kale. Chachiwiri, banja lathu lili ndi mwayi, chifukwa masiku ano wantchito woti ungamutume ndi ndalama zochuluka chonchi n'kufika nazo zonse ndi wosowa. Anatsegula kabati, anatulutsa kobiri limodzi laling'ono la kinyenta, anandipatsa kuti ndimupatse mzimayiyo chifukwa cha kukhulupirika kwake.

Ndinaligwira kobirilo osadziwa kolitaya. Amayi anatambasula manja onse awiri, ndipo ndinawaikira. Anawerama, anathokoza. Ine ndi amene ndinamasulira kuthokozako, chifukwa sinyora anafunsa kuti akuti chiyani.

Mayeso aja ndinakhoza, ndipo ndi amene ananditsegulira njira ya unamwino umene ndadyera moyo wanga wonse. Anthu akamva nkhaniyi amafulumira kundiuza kuti ndiye zinatha bwino. Amalume nawonso anatero atabwerako. Funso lawo loyamba silinali lakuti mlongo wawo anayenda bwanji ndi miyendo yotupa ija. Anafunsa kuti amayi anati ndi ndani, ndipo nditawauza anapumira m'mwamba, n'kunena kuti mlongo wawo ndi mzimayi wanzeru. Anawonjeza kuti popeza sinyora wawaona tsopano, ayenera kukhala chomwecho nthawi zonse akabwera m'tauni. Kuyambira tsiku limenelo tiyi wawo ankadzipungulira okha, ndipo anandimenyapo chifukwa cha zimenezo, koma sindinasinthe.

Chimene chimandiwawa kwambiri si cha mu ofesi muja ayi. Ndi cha panja. Titatuluka, sinyora anatiperekeza mpaka pakhonde n'kuima pamenepo akuotha dzuwa, popeza nkhungu inali itachoka. Ine ndinatsika masitepe n'kudikira amayi kuti tiyendere limodzi monga tinabwerera. Iwo anandilanda chikwama cha mabuku n'kuchisenza pamutu, anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuima. Ndinayamba kuyenda, iwo anatsatira kumbuyo. Ndinachepetsa liwiro kuti andipeze, iwonso anachepetsa. Ndinaima, iwonso anaima, maso ali pansi.

Tinadutsa masitolo, tinadutsa ofesi ya boma, sinyora anali atasowa kalekale kumbuyo kwathu, koma amayi sanasendere. M'tauni muja aliyense ankadziwana ndi aliyense, ndipo iwo sanafune kuti ntchito imene agwira iwonongeke ndi munthu mmodzi wa pawindo. Pa mitengo ya bulugamu paja ndinatembenuka, misozi ndi mamina zili mbwee, ndinawaitana mokweza kuti amayi, kuti aliyense wofuna kumva amve. Anayang'ana uku ndi uku mumsewu. Kunkabwera mzungu wina pa njinga.

“Tsogolani, adona aang'ono,” anatero amayi. “Sitinafike.”